Nthano ya kanyemba ya ana a Sitandade 3: alimi ndiwongolereni ndisanawanamize ana

Aphunzitsi_NaBanda
Moni nonse pagulu pano. Ndimaphunzitsa Sitandade 3 ndipo ndikulemba nthano yoti ndiziwerengera ana pang'onopang'ono temu yonse, uku tikuyang'anira nyemba zomwe tidzale m'mabotolo ndi pa kamunda ka kuseri kwa kalasi. Nthanoyi ikutsata kanyemba kamodzi, dzina lake Napilira, kuyambira tsiku lomwe kagwa m'dothi mpaka kubereka anzake. Ine ndinakulira m'tauni, nyemba ndimazidziwa za mumphika. Chiyambi chake ndi ichi:

"Padangokhala. Tili tonse. Kanyemba kena kofiira kamawangamawanga, dzina lake Napilira, kanagona mumdima pansi pa dothi. Mvula itagwa, kanadzuka, kanatambasula manja ake awiri obiriwira kupita kumwamba kukafuna dzuwa. Kenako kanamva ludzu, ndipo kanatumiza mizu pansi kukasaka madzi. Katakula kanavala maluwa, njuchi inabwera kudzakapatsa mungu, ndipo kanabala ana."

Zinazo ndizitambasula, koma msana wake ndi umenewu. Pali polakwika? Chinanso chondisowetsa mtendere: kodi Napilirayo amathera kuti? Chaka chatha mwana wina anandifunsa kuti kanyemba komwe tinadzala kapita kuti, ndipo ndinangoti kasanduka mtengo. Sanakhutire, nanenso sindinakhutire.

MlimiWaKuBembeke
Aphunzitsi, mwayamba ndi kumutu pomwe nyemba imayamba ndi kumiyendo. Muzu ndiwo umatuluka poyamba, masamba pambuyo. Tembenuzani pamenepo.

Alangizi_Opuma
A MlimiWaKuBembeke anena zoona, koma ndiwonjezere, chifukwa sabata yoyambayi ndi imene ana angaione ndi maso awo tsiku ndi tsiku, ndipo mukalakwitsa pamenepa adzakugwirani okha.

Tengani njere imodzi youma muiyang'ane m'mbali mwake momwe mwapindikira. Pali kachipsera koyera, ife timati mchombo, pomwe inagwirira ku khoko la mayi wake. Pafupi ndi mchombowo pali kabowo kakang'ono kwambiri. Njere ikagona m'dothi lonyowa, ntchito yake yoyamba ndi kumwa basi, ndipo madzi ambiri amalowera cha pamchombo pomwepo. Khungu limayamba lachita makwinya ngati chala cha munthu wochapa nthawi yaitali, kenako njere yonse imatupa n'kusalala. Usiku umodzi wokha imakhala italemera pafupifupi kawiri. Ndiye mu nthano yanu ludzu libwere poyambirira, Napilira asanachite china chilichonse.

Tsiku lachiwiri kapena lachitatu khungu limang'ambika pafupi ndi mchombo, ndipo kamuzu koyera kamasuzumira. Kamuzu kameneka kamaloza pansi ngakhale njereyo mwaigoneka chagada kapena chafufumimba. Uzani ana adzale zina mozondotsa m'botolo loonekera, adzaona kamuzu kakukhota kokha kutsata pansi. Kakazika n'kuyamba kutulutsa timizu ta m'mbali, m'pamene tsinde limayamba ulendo wa kumwamba.

Apa ndi pomwe pali chokoma chimene mwachisiya. Nyemba situluka m'dothi itatambasula manja. Imatuluka itawerama. Tsinde limapindika ngati chigwiriro cha ndodo ya agogo, ndipo msana wopindikawo ndi umene umaboola dothi, mutu uli pansi ukukokedwa pambuyo. Nsonga yanthete ija ikanatsogola ikanathyoka. Msanawo ukangoona kuwala umawongoka, n'kuzula mutu m'dothi, nthawi zina khungu lakale likadali pamutu ngati chipewa. Nyengo yofunda, dothi lonyowa bwino, izi zimachitika pakati pa masiku 5 ndi 8. Kukazizira zimachedwerapo.

Aphunzitsi_NaBanda
Zikomo kwambiri bambo. Zoti imatuluka itawerama sindinkazidziwa n'komwe. Ndalemba kale kuti, "Napilira anatuluka ngati mwana wolowa m'khola la nkhuku, msana patsogolo, mutu pambuyo." Nanga manja awiri obiriwira amene ndimawaona aja ndi chiyani ngati si masamba?

MlimiWaKuBembeke
Si masamba amenewo, ndi nyemba yomwe ija yagawika pakati. Mukasenda nyemba zonyika kuti muphike chipere, si zimabanthuka pawiri? Ndi zibanthu zomwezo zakwera pamwamba.

Mayi_a_Mapasa
Pepani ndalowa mochedwa. Amene mukugulitsa mbewu ya Napilira muli kuti ndipo kilo mukuchita bwanji? Ndikufuna yodzala mwezi wa mawa.

Dimba_la_Lobi
Mayi a mapasa, palibe akugulitsa pano, Napilira wake ndi wa m'nthano. Koma poti mwafunsa, musagule ya pamsika yosakanikirana ija ngati mukufuna kudzala. Ndiitaneni kuseri tikambirane.

Alangizi_Opuma
Pa zibanthuzo ndi pomwe pali yankho la funso la mwana wanu uja, aphunzitsi. Nyikani nyemba usiku, m'mawa mupatse mwana aliyense imodzi, asende khungu ndi chikhadabo, atsegule zibanthu ziwirizo mofatsa ngati buku. M'kati, cha kumphepete, apeza kanthu kakang'ono koyera: kamchira kosongoka, ndi timasamba tiwiri topindana tokhala ndi mitsempha yake kale. Kamchirako ndiko kadzakhale muzu. Timasambato ndi masamba oyamba. Ndiye kuti mbewu yonse inali kale m'katimo, itagona.

Ine ndikanakhala wolemba, Napilira akanakhala kamwana kam'kati kameneka. Zibanthu ziwiri zija ndi kamba amene mayi wake anamumangira wa paulendo. Masiku onse amene ali mumdima, alibe tsamba loti limupangire chakudya, akudya kamba ameneyu. Akatuluka amamunyamula pamapewa, zibanthu zimabiriwira pang'ono, koma tsiku ndi tsiku zimafota, kukwinyika, mpaka cha m'sabata yachiwiri kapena yachitatu zimagwa zokha. Mwana akafunsa kuti kanyemba kapita kuti, mumuonetse timabala tiwiri tomwe tatsala pa tsinde pomwe panali zibanthu, mumuuze kuti kamba watha koma mwini kamba ndi uyu waima apayu.

Gogo_Nachisale
Kamba! Mawu amenewo ndi omwewo. Kale popita kutali amayi ankatikazingira chimanga n'kutimangira pa kansalu. Mwana wa kumudzi amva msanga. Koma mwana wanga, nthano imafuna nyimbo. Ukangowerenga ngati kalata ana agona. Peka kanyimbo kako kakafupi koti Napilira aziyimba pa gawo lililonse, ana azivomera. Ndipo "tili tonse" usalembe ngati ukunena ndiwe, amenewo ndi mawu a ana.

Chikondi_Zomba
Ine ndikutsutsako pang'ono. Nthano ndi nthano. Kalulu amayankhula, fisi amavala jekete, palibe amadandaula. Bwanji tikupanikiza aphunzitsi ngati akulemba mayeso a ku Bunda? Ana a zaka 8 akufuna kusangalala. Njuchi isiyeni, manja asiyeni.

Aphunzitsi_NaBanda
Achemwali a ku Zomba, kuyankhula Napilira aziyankhula ndithu, ndipo aziopa mdima, azinyada ndi maluwa ake. Koma kalulu wa m'nthano sakhala pawindo la kalasi. Nyembayi ikhala pomwepo, ana 70 akuiyang'ana m'mawa uliwonse. Ndikanena kuti masamba atsogola iwo n'kuona muzu, aphunzira kuti za m'buku ndi zina, za m'maso ndi zina. Chimenecho ndicho ndikuchiopa.

Chikondi_Zomba
Pamenepo ndamva. Koma njuchi yokha ndiye ndaikakamira. Popanda njuchi palibe chipatso, tinaphunzira tonse zimenezi.

MlimiWaKuBembeke
Njuchi ndimaziona m'munda mwanga mwa nyemba, sindinganame. Koma sizichuluka ngati pa maungu kapena mpendadzuwa.

Alangizi_Opuma
A Chikondi, zomwe munaphunzirazo ndi zoona pa maungu. Dzungu lili ndi duwa lachimuna palokha ndi lachikazi palokha, lachikazi lija lokhala ndi kadzungu kumbuyo, ndiye pamafunika wonyamula mungu. Chimanga nacho mungu umachoka ku ngayaye kugwera pa ndevu, wonyamula wake ndi mphepo. Nyemba zathuzi ndi zina. Duwa limodzi lili ndi zonse ziwiri, ndipo zatsekeredwa pamodzi m'kachubu kopotana ngati nkhono pakati pa duwalo. Mungu umathothoka n'kugwera pomwe ukufunika duwa lisanatseguke bwinobwino. Pomwe njuchi ikufika m'mawa, ntchito yatheka kale.

Umboni wake muli nawo kunyumba. Agogo amasunga mbewu ya Nanyati zaka ndi zaka, moyandikana ndi mitundu ina m'munda umodzi, ndipo imatulukabe Nanyati. Yesani zimenezo ndi chimanga choyera pafupi ndi chachikasu muone chisononkho chake. Nthawi zina bemberezi kapena njuchi yaikulu imakanikiza duwa n'kubweretsa mungu wa nyemba ina, ndipo m'mibadwo yotsatira mumapeza njere za mtundu wachilendo, koma ndi mwa apo ndi apo.

Ndiye njuchi musaichotse, aphunzitsi, ingoisinthani ntchito. Ibwere ngati mlendo, imwe timadzi totsekemera, idzitame kuti popanda ine simubala, Napilira aiyankhe mwaulemu kuti pitani kwa a Dzungu, ndi amene akukudikirani.

Chikondi_Zomba
Hmm. Koma ndiye ana asokonezeka akadzafika makalasi apamwamba n'kumva kuti tizilombo timathandiza maluwa. Ine ndikanaisiya momwe inalili, zosiyanitsazo adzaziphunzira akakula.

Aphunzitsi_NaBanda
Ndatenga ya a Dzungu ija. Ikuphunzitsa zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo ana amakonda wodzitama akachita manyazi.

Malume_ku_Leeds
Nkhaniyi yandimasulira chinthu chomwe chinatikanganitsa ndi mwana wanga kuno ku Mangalande. Kusukulu anawapatsa nyemba yaikulu yafulati kuti adzale m'botolo. Ine ndinamuuza motsimikiza kuti dikira uone, nyembayo ikwera pamwamba n'kugawika, chifukwa ndi zomwe ndinkaona kwathu ku Ntcheu. Tsinde linatuluka, masamba anatuluka, koma nyemba inangokhala pansi pomwepo mpaka kufota. Mwana anati adadi simudziwa nyemba. Kodi inali yolumala?

Alangizi_Opuma
Sinali yolumala achimwene. Mbewu za m'banja limeneli zili pawiri. Zina zimanyamula kamba wawo kukwera naye pamwamba: nyemba zathu, khobwe, soya. Zina zimamusiya pansi n'kumadya ali komweko: nandolo, nsawawa, nzama, ndi yafulati yomwe anapatsidwa mwana wanuyo. Kumeneko kulinso nyemba ina yoyanga ya maluwa ofiira kwambiri imene amaikonda m'minda ya kuseri kwa nyumba. Imeneyonso imasiya zibanthu pansi, ndipo iyo ndiye imafunadi njuchi kuti ibereke bwino. N'chifukwa chake aphunzitsi asamale ndi zithunzi za m'mabuku ochokera kunja. Chithunzi chikhoza kukhala cholondola koma cha nyemba ina.

Aphunzitsi_NaBanda
Ndiye ndidzala nandolo m'botolo limodzi pambali. Akhale mnzake wa Napilira amene anasiya kamba wake kunyumba.

Mphwanga_wa_Kabaza
Inu mukukamba za kudzala, ife tikulira mtengo wa nyemba pamsika. Kuwonjezera apo makala ophikira. Nyemba zasanduka ndiwo za mabwana.

Mayi_a_Mapasa
Nyikani usiku achimwene, zimapsa msanga, makala simuwononga ambiri. Zokhalitsa m'thumba ndi zomwe zimalimba ngati miyala.

Gogo_Nachisale
Ndipo khwanya mwamuiwala? Nyemba imakudyetsa katatu: masamba, zitheba, kenako zouma. Khwanya wotendera ndi nsinjiro, wina n'kufutsa kuti udzadye m'chilimwe. Mwana wanga NaBanda, mu nthanomo muikemo mayi wobwera kudzatchola khwanya, Napilira achite mantha.

MlimiWaKuBembeke
Agogo, aikemo, koma mayiyo atchole tsamba limodzi kapena awiri basi, ndipo asatchole nthawi ya maluwa. Mlamu wanga anapulula khwanya munda wonse nyemba zikuyamba maluwa chifukwa kunabwera ogula, zitheba zake zinali zowerengeka. Masamba ndiwo amadyetsa zitheba.

Pa masamba pomwepo aphunzitsi, onetsetsani. Awiri oyamba aja amakhala moyang'anizana, lililonse palokha, looneka ngati mtima. Otsatira onse amabwera atatuatatu pa kaphesi kamodzi, ndipo atatuwo ndi tsamba limodzi. Ana akamawerenga masamba adzakangana pamenepa. Ine ndimadziwa kuti nyemba yagwira ndikaona la patatu loyamba litatambasuka, cha m'sabata yachiwiri kupita yachitatu. Ndi nthawi yomweyonso zibanthu zimagwa.

Dimba_la_Lobi
Chinanso chomwe ana angachikonde: nyemba imagona. Pitani ndi tochi usiku, mupeza masamba onse agwetsa nkhope pansi, m'mawa adzukanso. Vuto ndi loti usiku ana kulibe kusukulu. Mwina aliyense akhale ndi yake kunyumba m'kachitini.

Aphunzitsi_NaBanda
Imeneyo ikhala ntchito ya kunyumba, akaone asanagone adzandiuze. Koma za mabotolo ndili ndi mantha. Chaka chatha tinadzala m'mabotolo 20 odula pakati, zinamera 6 zokha. Zina zinanunkha, zina zinachita nkhungu. Zomwe zinamera zinatalika ngati ulusi, zotuwa, n'kugwa.

Dimba_la_Lobi
Mabotolowo munawaboola pansi?

Aphunzitsi_NaBanda
Ayi. Ndipo mwana aliyense ankafuna kuthirira yekha, ena kawiri pa tsiku.

Dimba_la_Lobi
Ndiye zinamira. Njere imapuma, ikakhala m'matope imaola, fungo lija ndi limenelo. Boolani mabowo anayi kapena asanu pansi ndi msomali wotentha, dothi lisakanizeni ndi mchenga pang'ono, ndipo wothirira akhale mmodzi pa tsiku, atayamba wapisa chala kuti amve ngati dothi lauma. Kuzama kwake masentimita 3 mpaka 5, kwa mwana tingoti chala chake cholozera chilowe chonse. Njere ikhale yogundana ndi khoma la botolo kuti muzu uzioneka, kunja mukulunge pepala lomwe muzivula pofuna kuona.

Zotalika ngati ulusizo zinasowa dzuwa. Munaziika pati? Ngati munkazitsekera m'kabati kapena pakona poopa kuti ziba, ndi chifukwa chake. Zikangotuluka zimafuna dzuwa lenileni, osati kuwala kwa m'kalasi. Ndiponso musayembekeze zitheba m'kabotolo kakang'ono. Mabotolo ndi a masabata awiri oyamba, za maluwa ndi zitheba zikhale za pamzere panja kapena m'chidebe chachikulu.

MlimiWaKuBembeke
Mbewunso muisankhe. Ya timabowo tozungulira ndiye kuti anankafumbwe adya kale kamba uja, mwina ndi mwini wake yemwe. Yesani njere 10 pa kansalu konyowa sabata imodzi musanawapatse ana. Zikamera 8 kapena 9 ndi yabwino. Ndipo kamunda ka panjako mutchinge ndi minga. Mbuzi sidziwa nthano.

WakuNsanje
Ine funso langa ndi la maluwa. Kuno ndinadzala nyemba mwezi wa Okutobala pafupi ndi chitsime, ndinkathirira bwino, zinabiriwira mosiririka, maluwa mbwee. Onse anayoyoka, sindinatole ngakhale chitheba chimodzi. Anthu anati ndi chifukwa kunalibe njuchi. Tsopano mukuti njuchi sizifunika, nanga chinali chiyani?

Alangizi_Opuma
Kutentha, achimwene. Nyemba ikamachita maluwa sifuna masana opitirira madigiri 30, makamaka usiku ukamakhalanso wotentha. Mungu umafooka, duwa limagwa lisanagwire. Okutobala wa ku Chigwa cha Shire ndi ng'anjo. N'chifukwa chake nyemba zambiri zimachokera kumtunda kozizira monga Dedza, Ntcheu, Thyolo ndi mapiri a ku Rumphi ndi Chitipa, ndipo kumunsi zimachita bwino m'madimba nthawi yozizira. Kwanuko m'nyengo yotentha khobwe ndiye amapirira.

Koma aphunzitsi dziwani kuti ngakhale kozizira maluwa ambiri amagwa ndithu. Mbewu imatulutsa ochuluka kuposa omwe ingathe kulera. Ana asadzalire poona maluwa pansi. Muikemo m'nthano kuti ena mwa maluwa a Napilira anatsanzika.

WakuNsanje
Mwina ndi kutenthadi. Koma mnansi wanga anadzala nthawi yomweyo pansi pa nthochi ndipo anatolako pang'ono. Ndiye kaya ndi mthunzi, kaya ndi mtundu wa mbewu.

Aphunzitsi_NaBanda
Tsono ndithandizeni masiku a gawo lomalizali, ndione ngati temu ikwana. Maluwa amayamba liti, zitheba liti, kuuma liti?

MlimiWaKuBembeke
Ndikuuzani za munda wanga wa chaka chatha, nyemba zosayanga, ndinadzala pa 10 Febuluwale m'mizere ya chimanga. Pa 17 zinali zitatuluka pafupifupi zonse. Duwa loyamba ndinaliona cha pa 22 Malichi, ndiye kuti masiku 40. Timaluwa timatulukira m'khwapa mwa tsamba, pomwe phesi lakumana ndi tsinde, ndipo timapitiriza kutuluka kwa masabata awiri. Duwa limodzi silikhalitsa. Likafota mukayang'anitsitsa mupeza kachitheba kobiriwira kochepa ngati singano, duwa louma likulendewera kunsonga kwake. Aonetseni ana chimenechi, ndi pomwe amakhulupirira kuti chitheba chimachokera m'duwa.

Chitheba chimayamba chatalika kaye chili chafulati, masabata awiri. Mukachiyang'anitsa kudzuwa mumaona timithunzi ta njere m'kati. Ndi nthawi yomwe timathyola zophika ngati ndiwo, chimathyoka kuti thyo. Kenako chimasiya kutalika n'kuyamba kutupa mfundomfundo, njere zikukhuta. Pamenepo masamba a pansi amayamba chikasu ndi kugwa. Anthu osadziwa amati yadwala, koma ikutsanulira zonse mwa ana. Cha pa 8 Meyi makoko anali atauma, ukagwedeza amalira kuti wayawaya. Masiku 87. Ndinazula phata limodzi labwino n'kuwerenga ndi mdzukulu wanga: makoko 14, ambiri a njere 4 kapena 5, zonse pamodzi 61.

Musachedwe kuzula. Zikauma kwambiri padzuwa makoko amathetheka okha n'kumwaza njere.

Aphunzitsi_NaBanda
Masiku 87 ndi masabata 12 ndi theka. Ndikadzala sabata yoyamba yeniyeni mwina tikwanitsa, koma pothina. Ndidzala mzere wina masabata awiri sukulu isanatsegulidwe kuti ukhale wotsogola.

Njere 61 kuchokera pa imodzi! Masamu a tsiku limenelo apezeka.

Chikondi_Zomba
Nanga zoyanga bwanji? Mwana angakonde kwambiri kanyemba kokwera phesi la chimanga kukaona dziko. Kosayanga kangokhala pansi.

MlimiWaKuBembeke
Zoyanga zimachedwa achemwali, temu ithera panjira. Ndipo Napilira weniweni sayanga. Akafuna wokwera asinthe dzina.

Mwana_wa_Mlimi_98
Palibe watchula timibulu ta ku mizu. Nyemba zimapanga feteleza zokha, ndiye sizifuna manyowa kapena feteleza ayi. Zimenezi ziyenera kulowa.

Alangizi_Opuma
Theka lake ndi loona mwana wanga. Timibuluto si matenda, ndi nyumba za tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timatenga nayitirojeni mumpweya n'kupatsa mbewu, mbewu n'kumatipatsa chakudya. Zulani phata limodzi mofatsa likatha mwezi, mutsuke mizu, mudule kambulu ndi lezala. Kakakhala kofiirira m'kati ndiye kuti alendowo akugwira ntchito. Koyera kapena kobiriwira ndiye kuti palibe chikuchitika. Koma nyemba ndi yaulesi pa ntchitoyi poyerekeza ndi soya kapena nandolo, ndipo pa dothi loguga imafunabe manyowa. Mu nthano alendowa alowe, koma Napilira asadzitame kuti safuna thandizo.

Kuzula kumeneku aphunzitsi mudzale mapata ena apadera oti azizulidwa. Mukazula amene ana amutcha dzina, kalasi yonse ikhala pa maliro.

Gogo_Nachisale
Pa maliro pomwepo ndi pomwe ndimadikira. Mwathana nazo za kamba, koma kumapeto Napilira auma ndithu. Mudzawauza chiyani ana? Ine ndinganene poyera kuti anakalamba, anauma, ana ake anatsala. Ana a kumudzi amaona nyemba zikuzulidwa chaka chilichonse, sizachilendo.

Mayi_a_Mapasa
Ayi agogo, anga a zaka 7 analira sabata yathunthu nkhuku yawo itafa. Ingothetsani nthano pomwe makoko akulira wayawaya, zinazo musatchule.

Chikondi_Zomba
Kapena munene kuti Napilira analowa mwa ana ake 61 aja n'kugonanso. Sanafe.

Aphunzitsi_NaBanda
Achemwali, imeneyo ikukoma m'khutu koma ndi yomwe ija ya "kasanduka mtengo", mwana wochenjera adzafunsa kuti mwa 61 ali mwa uti. Ndayesa motere, mundiuze:

"Masamba a Napilira anayamba kugwa limodzilimodzi. Mphepo inamufunsa kuti, bwanji osasungako chakudya chako? Napilira anati, ndikumangira ana anga kamba, monga amayi anandimangira ine. Anamanga, anamanga, mpaka mwana aliyense anali ndi zibanthu ziwiri zokhuta ndi kamchombo kake. Tsiku lina mphepo inagwedeza makoko, ndipo m'kati munamveka wayawaya, wayawaya. Napilira anali atauma, koma anamva."

Ndikatha kuwerenga pamenepa ndigawa njere, mwana aliyense atsegule khoko yekha aone pomwe mchombo wagwirira. Zina tinyika usiku kuti m'mawa apezemo kamwana kogona kaja.

Gogo_Nachisale
Wouma samva, mwana wanga. Koma isiye choncho, pamenepo pokha ndakulola. Nyimbo ija ili kuti?

Aphunzitsi_NaBanda
Ndili ndi mzere umodzi wokha agogo. Napilira aziti "Ndani andione?", ana azivomera ndi zomwe aona tsiku limenelo: "Taona muzu!", "Taona msana!", "Taona duwa!" Mayimbidwe ake ndikuyesabe.

MlimiWaKuBembeke
Pakati pa msana ndi duwa musaiwale "taona la patatu". Ndipo njere 10 zija ziyeseni pa kansalu lero, musadikire sabata yotsegulira.